Kuyerekeza katundu wopikula ndi botolo limodzi lenileni pa chithunzi

Funso: Ndili ndi golosale ku Luchenza. Katundu wambiri ndimakapikula ku Limbe, koma wina amandibweretsera pa galimoto mpaka pakhomo. Mwezi watha makasitomala atatu anandibwezera mafuta odzola ponena kuti ndi feki, pamene ine poyang'ana mabotolowo sindinaone cholakwika chilichonse. Mnzanga wandiuza kuti ndizisunga botolo limodzi lenileni n'kumajambula katundu watsopano pambali pake. Kodi zimenezi zimachitika bwanji kuti zikhale zothandiza, ndipo ndingazikhulupirire mpaka pati? Ndine mayi wa golosale, Luchenza.

Yankho: Mayi, mnzanuyo wakuuzani njira yabwino, ndipo ine ndaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, poyamba pamene ndinkalandira katundu m'nyumba yosungiramo katundu ku Limbe, kenako m'sitolo yanga. Ntchito yonse yagona pa botolo limodzi limene mudzalitenge kukhala chitsanzo, choncho tiyambire pomwepo tisanafike pa foni.

Botolo limeneli musalitenge pa shelefu yanu, ngakhale mutalikhulupirira chotani, chifukwa ngati katundu wachinyengo analowa kale m'sitolo mwanu, mukhoza kusankha lachinyengo lomwelo n'kumaweruzira nalo ena onse kwa chaka chathunthu. Musalitengenso kwa amene amakubweretserani katundu, pakuti ndi iyeyo amene mukufuna kumuyesa. Pitani ku Blantyre kapena ku Limbe, mukagule botolo limodzi m'sitolo yaikulu imene imatenga katundu mwachindunji ku kampani yopanga, kapena kwa amene kampaniyo inamupatsa chilolezo chogawa katundu wake m'dziko muno, ndipo mukalipire mtengo wa pa shelefu osanenerera. Lisiti lake mulisunge. Mukafika kunyumba, dulani kachidutswa ka tepi ya pepala, mulembepo tsiku ndi kumene mwagula, n'kumata m'mbali mwa botolo pamene palibe zolemba. Katepi kameneka kali ndi ntchito ziwiri: kamaletsa mwana wothandiza m'sitolo kuligulitsa tsiku limene katundu watha, komanso kamakuuzani pa chithunzi chilichonse kuti lenileni ndi liti, chifukwa pakapita miyezi itatu simudzakumbukira ngati linali kumanzere kapena kumanja.

Chitsanzocho chisatsegulidwe, ndipo chizikhala m'kabati kapena m'katoni yotseka. Dzuwa la pa windo limafufutsa mitundu, makamaka yofiira ndi yachikasu, moti botolo limene lakhala pa kauntala miyezi ingapo limayamba kuoneka lotuwa, ndipo katundu watsopano weniweni mudzamuganizira kuti mtundu wake wapsa mopitirira. Kwanu kuno kulinso vuto la chinyezi, makamaka nyengo ya chiperoni, chimene chimapinda mapepala ndi kumatula malebulo m'makona. Pachifukwa chimenechi, ngati chitsanzo chili m'kabokosi ka pepala monga sopo kapena mankhwala otsukira mano, chikulungeni m'jumbo youma. Ngati thumba likulola, gulani mabotolo awiri, lina likhale lotseka lojambulira, lina lotsegula lonunkhiza ndi kupaka pa dzanja. Simufunika chitsanzo cha katundu yense wa m'golosale. Sankhani mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi imene imayenda msanga ndipo mtengo wake ndi wokwererapo, pakuti achinyengo savutika kukopera chinthu chimene chimagona pa shelefu.

Tsopano galimoto yafika. Nthawi yoyendera katundu ndi yomweyo, dalaivala asananyamuke ndiponso musanasaine pepala lolandirira katundu, chifukwa mukasaina ndiye kuti mwavomereza kuti zonse zafika bwino, ndipo mawa lake adzakufunsani kuti akudziwa bwanji kuti simunasinthe nokha. Madalaivala amakhala pa changu, amati akuthamangira ku Chitakale ndi ku Limbuli dzuwa lisanalowe, koma mphindi 15 zimakwana mukazolowera, ndipo wogulitsa amene akukana kudikira mphindi 15 wakupatsani kale chifukwa chomuganizira. Yambani ndi makatoni asanatsegulidwe. Yang'anani tepi ya pamwamba ndi ya pansi pomwe, chifukwa amene amasintha katundu nthawi zambiri amatsegulira pansi n'kusiya pamwamba pali bwinobwino. Katoni imene ili ndi tepi pamwamba pa tepi inzake, kapena imene khungu lake lasendeka m'mbali mwa tepi, inatsegulidwapo. Zimenezi pazokha si umboni wa chinyengo, pakuti opikulitsa ena amatsegula katoni kuti agulitse theka n'kudzazanso, koma katoni yotereyo ndiyo yoyamba kuiyendera.

M'katoni iliyonse tulutsani botolo limodzi, ndipo mulisankhe nokha, osalola kuti akupatsireni. Litengeni pakati kapena m'mzere wa pansi ngati katundu wasanjikizana. Katundu wachinyengo kawirikawiri sabwera yekha. Amasakanizidwa ndi weniweni, ndipo weniweniyo amaikidwa pamene dzanja limayamba kufika. Ngati makatoni ndi ambiri, mwachitsanzo 20, simungajambule onse, koma yang'anani nambala ya gulu yolembedwa pa katoni iliyonse, imene imasonyeza katundu amene anapangidwira limodzi m'fakitale, muwagawe malinga ndi nambalazo, n'kutengapo makatoni awiri pa gulu lililonse. Botolo lililonse limene mwatulutsa liikeni pamwamba pa katoni yake kuti zisasokonezeke.

Pa kajambulidwe ndikhalitsapo, chifukwa anthu ambiri amalakwitsa pamenepa n'kumati njirayo siigwira ntchito. Lamulo loyamba ndi lakuti mabotolo onse awiri akhale m'chithunzi chimodzi. Musajambule chitsanzo lero n'kusunga chithunzi chake kuti muzidzachiyerekeza ndi cha katundu wa mwezi wa mawa. Kamera ya foni imadzisankhira yokha kuwala ndi mitundu nthawi iliyonse mukajambula, malinga ndi zimene yaona patsogolo pake, kotero botolo lomwelo likhoza kutuluka lobiriwira m'mawa n'kutuluka lachikasu madzulo pansi pa babu. Mabotolo awiri akakhala m'chithunzi chimodzi, cholakwa chilichonse cha kamera chimagwera onse mofanana, ndipo kusiyana kumene kwatsala ndi kwa mabotolowo.

Pezani malo amodzi okhazikika, monga tebulo pafupi ndi khomo kapena pakhonde pamene pali kuwala kwa masana koma dzuwa silikuwomba mwachindunji. Yalani pepala loyera kapena katoni yosalemba pansi ndi kumbuyo, kuti shelefu ya shuga ndi mabisiketi isalowe m'chithunzi n'kusokoneza mitundu. Fulashi muzimitse, chifukwa pa pulasitiki yonyezimira imasiya banga loyera pamene pali zilembo zimene mukufuna kuwerenga. Ngati foni yanu ili ndi zokongoletsa nkhope, zimene pa mafoni ambiri zimalembedwa kuti Beauty, muzimitsenso, pakuti ntchito yake ndi kusalaza, ndipo imasalaza zilema zomwe mukuzifunafunazo. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu yofewa, chifukwa foni ya m'golosale imakhala ndi mafuta ndi ufa, ndipo chithunzi chake chimatuluka ngati cha m'nkhungu ya pa phiri la Mulanje.

Imikani mabotolo awiriwo moyandikana, mzere umodzi, onse atayang'ana kutsogolo mofanana, ndipo mugoneke rula ya kusukulu patsogolo pawo. Foni ikhale pa msinkhu wa pakati pa mabotolo, yowongoka, osati yoweramira pansi, ndipo italikire pafupifupi masentimita 40. Mukayandikira kwambiri, chimene chili pafupi ndi kamera chimakula kuposa chinzake ndipo mizere ya m'mbali imapindika, moti mudzaona botolo lina lalitali pamene onse ndi ofanana. Tsamiritsani foni pa katoni ya sopo kapena pa njerwa kuti dzanja lisanjenjemere, gusani pa zilembo kuti kamera iziwone bwino, n'kujambula. Kenako sinthanitsani malo, la kumanzere lipite kumanja, mujambulenso. Ichi anthu amachiona ngati chotaya nthawi, koma kuwala kwa pakhomo kumachokera mbali imodzi, ndipo botolo la kufupi ndi khomo limaoneka lowala nthawi zonse. Ngati kusiyana kwa mtundu kwatsala mbali yomweyo mutasinthanitsa, ndiye kuti ndi kuwala. Ngati kwasamuka pamodzi ndi botolo, ndiye kuti ndi botololo.

Kutsogolo kwa botolo ndi kumene achinyengo amaikako luso lawo lonse, chifukwa ndi kumene wogula amayang'ana, ndipo n'chifukwa chake inu simunaone cholakwika pa mafuta aja. Jambulani kutsogoloko, koma musataye nthawi yambiri kumeneko. Tembenuzani onse awiri mujambule kumbuyo, kumene kuli tizilembo tating'onoting'ono ta zosakaniza ndi adiresi ya kampani. Agonekeni mujambule kunsi kwawo, kenako zivindikiro kuchokera pamwamba, ndipo pomaliza yandikirani pang'ono mujambule pamene pali nambala ya gulu ndi masiku. Zimenezi zimakwana zithunzi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pa botolo lililonse, kuwonjezapo chimodzi cha katoni chosonyeza tepi ndi nambala yake, pepala lolandirira katundu litaikidwa pambali kuti tsiku lioneke.

Mukatha, khalani pansi mutsegule chithunzi, muchikuze ndi zala ziwiri, ndipo muziyenda pang'onopang'ono kuchokera pamwamba kutsika, mzere wa botolo ili kenako mzere womwewo wa linzake. Ubwino wa chithunzi uli pamenepa. Diso likagwira botolo m'manja limangozindikira dzina ndi mtundu n'kukhutira, pamene chithunzi chokuzidwa chimakukakamizani kuona kachigawo kamodzi pa nthawi imodzi. Pa tizilembo ta kumbuyo yang'anani timabowo ta mkati mwa a, e ndi o. Kampani yeniyeni imasindikiza kuchokera ku zojambula zake zoyambirira, ndiye timabowoto timakhala totseguka ndipo m'mphepete mwa zilembo mumakhala mwakuthwa. Wachinyengo nthawi zambiri amakopera pa lebulo yosindikizidwa kale, ndipo pokopera inki imanenepa, timabowo timatsekeka, zilembo zimakhala ngati zili ndi ubweya m'mbali. Onaninso pamene mzere uliwonse wathera. Ngati pa chitsanzo mzere wachitatu ukuthera pa liwu lina ndipo pa latsopano ukuthera pa liwu lotsatira, ndiye kuti wina anataipanso mawuwo, ndipo potaipanso ndi pamene pamalowa zilembo zolakwika, zimene simufunika kudziwa Chingerezi chambiri kuti muzigwire, bola muziwerenga chilembo ndi chilembo mbali zonse ziwiri.

Kunsi kwa botolo kumanena zambiri, chifukwa lebulo ndi yotchipa kukopera koma chikombole choumbira pulasitiki ndi chodula. Kumeneko mudzapeza kamakona atatu kokhala ndi nambala yosonyeza mtundu wa pulasitiki, monga 1, 2 kapena 5, nthawi zina chizindikiro cha kampani yopanga mabotolo, ndi mzere wa pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Nambala ya mtundu wa pulasitiki iyenera kufanana. Pakhozanso kukhala kanambala kena kakang'ono kosonyeza chibowo cha chikombole chimene botololo linatulukamo, ndipo kameneka kamasiyana ngakhale pa mabotolo enieni a m'katoni imodzi, choncho kasakudzidzimutseni. Pa chivindikiro werengani timizere ta m'mbali ngati tilipo, ndipo muone ngati m'mphepete muli tinyenyeswa ta pulasitiki tosadulidwa bwino.

Nambala ya gulu ndi masiku ndi zimene ine ndimazidalira kuposa zina zonse. Zimalembedwa ndi zilembo monga BN kapena LOT kutanthauza gulu, MFD kutanthauza tsiku lopangidwa, ndi EXP kapena BB kutanthauza tsiku lothera mphamvu. Manambala ake sadzafanana ndi a pa chitsanzo chanu, ndipo sayenera kufanana, popeza anapangidwa nthawi zosiyana. Chimene mukuyerekeza ndi kalembedwe kake: malo amene zadindidwa, kuchuluka kwa manambala, ndondomeko ya tsiku, mwezi ndi chaka, ndiponso kutalika kwa nthawi pakati pa kupangidwa ndi kutha mphamvu. Ngati pa chitsanzo pali zaka ziwiri pakati pa masiku awiriwa ndipo pa latsopano pali zaka zinayi, pali funso lofunika kufunsa. M'mafakitale ambiri manambala amenewa amadindidwa pomaliza, botolo likudutsa pa lamba, ndi makina opopera timadontho ta inki, kotero mukakuza chithunzi mumaona kuti nambala iliyonse ndi timadontho tondondozana, ndipo malo ake amasuntha pang'ono pa botolo lililonse. Nambala ya gulu imene ili yosalala ngati zilembo zina za pa lebulo, pamalo amodzimodzi ndendende pa mabotolo onse, pamene pa chitsanzo ili ya timadontho, inasindikizidwa pamodzi ndi lebulo, ndipo fakitale yeniyeni singachite zimenezo chifukwa malebulo amasindikizidwa tsiku lodzaza lisanadziwike.

Ndikufotokozereni mmene zinandichitikira tsiku lina, kuti muone mmene zinthuzi zimalumikizirana. Ndinaoda makatoni 6 a mafuta odzola a mamililita 400, katoni iliyonse mabotolo 12, kwa wopikulitsa wina amene mtengo wake unali wotsikirapo kuposa kumene ndinkagula masiku onse. Inali sabata ya malipiro ku maesiteti a tiyi, ndipo ndinkafuna shelefu idzaze. Makatoni anayi anali ndi tepi imodzi yoyera bwino, koma awiri anali ndi tepi yachiwiri kunsi. Ndinatulutsa botolo limodzi pakati pa katoni iliyonse n'kujambula monga ndafotokozera. Kutsogolo onse asanu ndi limodzi anafanana ndi chitsanzo, moti ndikanangoyang'ana ndi maso ndikanasaina. Pa chithunzi cha kumbuyo, mabotolo a m'makatoni awiri aja anali ndi zilembo zonenepa, ndipo pa liwu lina la zosakaniza panasowa chilembo chimodzi. Kunsi kwawo kunalibe chizindikiro cha opanga mabotolo chimene chinali pa chitsanzo ndi pa anayi enawo.

Chimene chinathetsa kukayika chinali nthawi. Kampani imeneyo inkadinda ola ndi mphindi pambali pa nambala ya gulu. Nditatulutsa mabotolo onse a m'katoni imodzi yabwino, ndinapeza kuti ena analembedwa 09:14 ndipo ena 09:15, monga zimakhalira katundu akamadutsa pa lamba. M'makatoni awiri okayikitsa aja, mabotolo 16 mwa 24 analembedwa 14:32, onse pamalo amodzi, ndi zilembo zosalala, pamene 8 otsalawo, amene anali m'mbali mwa makatoni, anali a timadontho ndipo anafanana ndi chitsanzo pa china chilichonse. Ndinawaika pa sikelo ya magetsi imene timayezera mpunga. Chitsanzo chinalemera magalamu 436, mabotolo abwino anali pakati pa 433 ndi 438, koma okayikitsawo anali pakati pa 405 ndi 421. Taonani kuti sikuti anangopepuka kokha. Analinso osiyana kwambiri okhaokha, chizindikiro cha kudzaza pamanja, pakuti makina a fakitale sasiyanitsa mabotolo ndi magalamu 16. Ndinalemba pa pepala lolandirira katundu kuti ndalandira makatoni 4 ndipo ndabweza 2, dalaivala anasaina pambali pa mawuwo, ndinajambula pepalalo, ndipo makatoni awiriwo anakwera galimoto yomweyo. Ndinabweza ndi mabotolo 8 abwino omwe, chifukwa kusankhamo kukanapatsa wogulitsa mpata wonena kuti ndinasokoneza katoni ndine.

Dalaivalayo sindinakangane naye, ndipo nanunso musatero, chifukwa iye amangonyamula zimene wapakiridwa, ndipo ngakhale wopikulitsayo nthawi zina amakhala kuti naye anapusitsidwa ndi amene anamugulitsa. Tumizani zithunzi kwa mwini katundu tsiku lomwelo, ndi mawu odekha onena zimene mwaona: kuti zilembo zasiyana pa mzere wakutiwakuti, nthawi ndi imodzi pa mabotolo 16, kulemera kwachepa ndi magalamu akutiakuti. Musalembe kuti iye ndi wakuba, ndipo musamwaze zithunzizo m'magulu a anzanu a malonda mutatchula dzina lake, chifukwa zimene muli nazo ndi umboni wa kusiyana, osati chigamulo cha khoti. Potumiza pa WhatsApp, sankhani Document m'malo motumiza ngati chithunzi wamba, pakuti chithunzi wamba chimachepetsedwa kuti chisadye bandulo, ndipo timadontho ndi timabowo ta zilembo timene mukufuna kuonetsa timafufutika panjira. Zithunzi zoyambirira musazifufute pa foni, ndipo m'kope mulembe tsiku, dzina la katundu, nambala ya gulu ndi kumene anachokera. Wogulitsa akakana kulandira katundu wake, zithunzi zimenezi pamodzi ndi lisiti ndi zimene mungapite nazo kwa oimira kampani yopanga, ku bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, kapena ku Competition and Fair Trading Commission, imene imalandira madandaulo a malonda osatsata chilungamo. Katundu wokayikitsa amene watsala m'manja mwanu mumuike padera, osamugulitsa ngakhale motchipa.

Tsopano za pamene njirayi imalekezera. Choyamba, kusiyana sikutanthauza chinyengo nthawi zonse. Makampani amasintha maonekedwe a katundu wawo, ndipo kwa miyezi ingapo wakale ndi watsopano amayendera limodzi pa msika. Komanso katundu wa dzina limodzi akhoza kupangidwa m'mafakitale a m'mayiko osiyana, wina ku South Africa, wina ku Kenya, ndipo malebulo awo amasiyana adiresi, zilankhulo ngakhale botolo lenilenilo. Kwa inu a kufupi ndi chipata cha Muloza zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa katundu wolowa kuchokera ku Milange amakhala ndi mawu a Chipwitikizi, ndipo akhoza kukhala weniweni amene anapangidwira msika wa ku Mozambique. Ngati analowa motsata malamulo a msonkho ndi nkhani ina, imene chithunzi sichingayankhe. Ine ndinabwezapo sopo weniweni chifukwa chakuti chitsanzo changa chinali chitakalamba, ndipo ndinachita kukapepesa. Kuchokera pamenepo ndinaphunzira kusiyanitsa mitundu iwiri ya kusiyana. Kampani ikasintha, imasintha mwadala ndiponso mwaukhondo: chithunzi chatsopano, masanjidwe atsopano, koma zilembo zakuthwa ndi nambala ya gulu yodindidwa bwino. Wachinyengo amayesetsa kuti asasinthe kanthu, ndipo kusiyana kwake kumakhala kwa kulephera, monga inki yonenepa, lebulo yopendama ndi chilembo chosowa. Mukakumana ndi kusiyana kwa mtundu woyamba, musabweze msanga. Ikani katunduyo padera, mulembe pa pepala kuti mwalandira podikira kutsimikiza, ndipo mukapita ku Limbe mukaone ngati m'masitolo akuluakulu mwafika maonekedwe atsopanowo. Ngati afika, gulani chitsanzo chatsopano, koma chakale musachitaye mpaka katundu wakale atatha pa msika. Ngakhale pasakhale kusintha kooneka, chitsanzo chizisinthidwa kamodzi pa chaka.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi choopsa kuposa choyamba, kufanana sikutanthauza kuti katundu ndi weniweni. Pali anthu amene amatola mabotolo enieni otha, kuwatsuka, n'kudzazamo zawozawo. Botolo lotere lidzapambana mayeso onse a lebulo ndi a kunsi, chifukwa ndi lenilenidi; chachinyengo ndi cha mkati chokha. Mwina ndi zimene zinachitika pa mafuta amene makasitomala anu anabweza, ngati mabotolowo mukadali nawo ndipo mukawajambula osapeza kusiyana. Katundu wotere amadziulula m'njira zina. Pa chithunzi cha chivindikiro mudzaona timikwingwirima ndi litsiro m'timizere, pa lebulo mudzaona kukhukhuzika kumene botolo lotuluka kumene m'fakitale silingakhale nako, ndipo kamphete kotsekera kapena kapepala konyezimira ka pakamwa pa botolo, ngati katunduyo amakhala nako, kamakhala komatidwa ndi guluu. Chizindikiro chachikulu ndi chakuti m'katoni imodzi mumapezeka manambala a magulu osiyanasiyana, ena a chaka chatha, ena a chaka chino, pamene katoni yochokera ku fakitale imakhala ya gulu limodzi logwirizana ndi nambala ya pa katoniyo. Apa ndi pamene botolo lachiwiri lotsegula lija limagwira ntchito. Tsegulani limodzi la katundu watsopano, mupake lina pa dzanja lamanzere ndi lina pa lamanja, mununkhize nthawi yomweyo, kenako mununkhizenso patapita mphindi khumi, chifukwa fungo lotchipa limayamba mwamphamvu n'kuzilala msanga. Botolo lotsegulalo mwaluza, koma pa makatoni 6 ngati anga aja ndi limodzi pa 72.

Timizere takuda timene amawerenga ndi makina pa kauntala musatidalire. Anthu ena amatiwerenga ndi foni, dzina la katundu likatuluka n'kumati ndi umboni, koma timizereto ndi tofanana pa mabotolo onse a mtundu umodzi, ndipo kutikopera ndi kosavuta kuposa china chilichonse pa lebulo. Manambala 13 a pansi pake akasiyana ndi a pa chitsanzo cha kukula komweko, funsani chifukwa chake. Akafanana, sanakuuzeni kanthu. Manambala atatu oyambirira, monga 600 kapena 601 a South Africa ndi 616 a Kenya, amangosonyeza dziko limene kampani inalembetsera nambalayo, osati kumene katunduyo anapangidwira. Chimodzimodzinso chizindikiro cha MBS: chikasowa pamene pa chitsanzo chilipo, ndi nkhani, koma kupezeka kwake kokha sikukwanira, popeza nacho chimasindikizika ngati mawu ena onse.

Pali katundu wina amene sindingakulangizeni kumuweruza ndi zithunzi zokha, monga mbewu ya chimanga, mankhwala a mbewu ndi mankhwala a anthu, chifukwa paketi ikhoza kufanana kotheratu ndipo cholakwika chimadzaoneka m'munda patapita milungu, kapena m'thupi la munthu. Pa zimenezi gulani kwa okhawo amene ali ndi chilolezo, musunge malisiti, ndipo zithunzi zikhale zongowonjezera. Pa mafuta odzola, sopo, mankhwala otsukira mano ndi mabatire, yambani ndi mabotolo atatu aja amene anabwezedwa. Sabata ino kaguleni chitsanzo, muwaimike pambali pake limodzilimodzi, muyambire pa nambala ya gulu ndi sikelo, kenako mufufuze m'malisiti anu kuti katoni yawo inabwera ndi galimoto iti.